Mwana Akamalota Loto Lomwelomwelo

M'nyumba zambiri, mwana akadzidzimuka usiku n'kuyamba kulira, yankho limakhala lokonzeka kale: "Gona iwe, ndi maloto chabe amenewo." Kwa mwana amene walota zoopsa kamodzi pa mwezi, mawu amenewa amakwanira, ndipo kukacha mwini wakeyo amakhala ataiwala. Koma pali ana ena amene loto limodzi limawabwerera Lolemba, Lachitatu, mwinanso Loweruka: galu yemweyo akuwathamangitsa, munthu yemweyo waima pakhomo, madzi omwewo akulowa m'nyumba. Mwana wotere amayamba kuopa mphasa yake yomwe. Dzuwa likamalowa amazengereza kulowa m'neti, amapempha madzi akumwa kangapo, ndipo m'kalasi amangosinza. Makolo achinyamata amene akulera mwana wawo woyamba amataya tulo tambiri polimbana ndi vutoli pakati pa usiku, pomwe ntchito yaikulu yolithetsa ndi ya masana.

Chinthu choyamba chimene kholo liyenera kuyang'ana ndi nthawi imene mwanayo amakuwa. Munthu akagona, tulo timayenda m'magawo obwerezabwereza, gawo lililonse pafupifupi ola limodzi ndi theka. M'maola oyambirira mumachuluka tulo tofa nato. Chakumapeto kwa usiku, tambala woyamba akamayandikira kulira, mumachuluka tulo tamaloto, pomwe maso amayendayenda mofulumira pansi pa zikope. Tulo timeneti anatitulukira mu 1953 ofufuza awiri a pa Yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman, ndipo mmodzi mwa anthu oyamba amene Aserinsky anawapima ali m'tulo anali mwana wake wamwamuna wa zaka 8. Maloto oopsa enieni amabwera mu tulo tamalototi. Mwana amadzukiratu, amawazindikira amayi ake, amawakakamira, ndipo amatha kunena chimene chimamuthamangitsa.

Pali vuto lina limene ambiri amalisokoneza ndi maloto. Mwana wagona 8 koloko, ndipo cha m'ma 10 koloko akukuwa mokweza, wakhala tsonga, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda kwambiri. Amayi akamugwira akuwakankha ngati sakuwadziwa. Pakatha mphindi zingapo akugonanso, ndipo m'mawa sakukumbukira kanthu. Mwana ameneyu sanalote ndiponso sanadzuke. Ubongo wake wangokodwa pakati pa tulo tofa nato ndi kudzuka. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa ana a zaka zapakati pa 3 ndi 8, makamaka amene atopa kwambiri kapena akusowa tulo, ndipo ambiri zimawathera zokha akamakula. Apa kholo lisamugwedeze kapena kumuthira madzi kumaso. Lingochotsa nyali, mbaula ndi chilichonse chimene chingamuvulaze, n'kudikira pambali pake. M'mawa palibe chomufunsa, chifukwa palibe chimene akukumbukira, ndipo kumufotokozera mmene anakuwira kumangomupatsa mantha amene analibe. Ngati zimachitika nthawi yofanana usiku uliwonse, madokotala a ana amalangiza kumudzutsa pang'ono mphindi 15 nthawiyo isanakwane, kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, kuti tulo take tisinthe kayendedwe.

Mwana wa maloto enieni ndi wosiyana. Iye ali nayo nkhani, ndipo akufuna woimva.

Usiku womwewo si nthawi yofunsa zambiri. Kholo lipite msanga, limugwire, liyatse tochi kuti aone khoma, chitseko ndi abale ake ali gone, ndipo limuuze mawu ochepa: "Ndili pano, mwanangu. Uli kunyumba. Linali loto loopsa, koma latha." Mawu akuti "linali loopsa" ndi ofunika kwambiri, chifukwa amavomereza kuti mantha ake ndi enieni ngakhale galuyo kulibe. Mwana wa zaka 4 kapena 5 sanafike posiyanitsa bwino za m'maloto ndi zam'maso, ndipo kumuuza kuti palibe chimene waona n'kumutsutsa pa chinthu chimene iye wachiona ndithu. Akafuna kufotokoza, afotokoze pang'ono, koma kholo limulonjeze kuti nkhani yonse adzakamba kukacha. Kenaka agonenso pamalo pake, kholo litakhala pambali mpaka kupuma kwake kutatsika. Kutenga ndodo n'kuyamba kusaka chilombo kuseri kwa chitseko kumaoneka ngati chikondi, koma mwana amaphunzirapo kuti ngakhale abambo ake akukhulupirira kuti chilombocho chingakhalepo.

Kukacha, lonjezo lija likwaniritsidwe. Ana ambiri salankhula momasuka akawakhazika pansi n'kuwayang'ana m'maso ngati ali pa mlandu. Amamasuka manja akamagwira ntchito: potola nyemba, posenda mbatata, pobwera kumjigo. Funso labwino ndi lotseguka, monga "Tandiuza, loto lija limayamba bwanji?" Mwana akayankha, kholo lingopitiriza ndi "kenaka?" ndi "iwe unali kuti?" ndi "pamene pamaopsa kwambiri ndi pati?" Funso loipa ndi limene limamuika mwana mawu m'kamwa, monga "Munthuyo sanali ngati agogo a kuseri aja?" Mwana amafuna kusangalatsa akulu, ndipo akaona kuti yankho lina likudikiridwa, amalipereka.

Apa mpofunika kulankhula mosabisa. M'midzi ndi m'matauni athu, mwana akanena kuti analota akuuluka kapena akudya nyama usiku, nkhani imathamangira ku ufiti. Ana afunsidwapo mobwerezabwereza mpaka kuvomera kuti "akuphunzitsidwa", ndipo mayina a nkhalamba zosalakwa atchulidwapo chifukwa cha mafunso otere. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, kholo liganize za mwana weniweniyo. Anabwera ndi loto lomuopsa, ndipo akuchoka atauzidwa kuti lotolo ndi loona komanso kuti iye ali mbali ya choipacho. Usiku wotsatira mantha ake akhala owirikiza. Banja lopemphera lipemphere naye ndithu, pemphero lalifupi la mtendere limene mwana angalimve, koma mwana wa zaka 7 asaikidwe pakati pa bwalo la anthu okuwa ngati iye ndiye nyumba ya chiwanda. Kuuluka, kugwa kuchokera pamwamba ndi kuthamangitsidwa ndi maloto amene ana amalota padziko lonse, ngakhale kumene nkhani za lichero louluka sizinamvekepo.

Kholo likamamvetsera, likusaka zinthu ziwiri. Choyamba, kodi lotoli linayamba liti, ndipo chinasintha n'chiyani m'masiku amenewo? Mwina ndi maliro amene mwana anaona nkhope, filimu ya anthu oyamwa magazi ya ku vidiyo sho kapena pa foni ya achimwene ake, mphunzitsi watsopano wa chikwapu, kapena ndewu ya makolo imene ankaganiza kuti mwana sakuimva. Chachiwiri, kodi lotolo likubwereza chinthu chimene chinachitikadi? Kakope kakang'ono kamathandiza: tsiku, nthawi imene anadzuka, zimene analota m'mawu ake omwe, ndi zimene zinachitika masana. Pakatha masabata awiri, zambiri zimaonekera zokha, monga kuti loto limabwera Lamlungu usiku basi, sukulu ikamayandikira.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo anawononganso kwambiri ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Chitsanzo chotsatirachi n'choyerekeza, koma mabanja a m'madera amenewa sachiona chachilendo. Mtsikana wa zaka 8 anapulumuka pamodzi ndi banja lake, ngakhale nyumba inapita. Papita miyezi, ali m'nyumba ina ya lendi, koma katatu pa sabata amadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha akulira. Amayi ake akamufunsa akutola nyemba, iye akuti: "Amayi, madzi akuda amalowa pansi pa chitseko. Ndimafuna kuthawa koma miyendo simayenda. Ndimakuitanani koma mawu satuluka."

Mayiyo asathamangire kunena kuti zimenezo zinatha. Ayambe wabwereza zimene wamva: "Ndiye madzi amalowa, iwe sungathe kuyenda, ndipo ine sindikukumva. N'zoopsadi zimenezo." Kenaka amuuze zoona zimene mwana angazigwire: kuti nyumba ino ili patali ndi mtsinje, kuti mvula ikachuluka abambo ake amamvera chenjezo pa wailesi, ndiponso kuti banja likudziwa kothawira. Asalonjeze kuti namondwe sadzabweranso, chifukwa mwana wa zaka 8 amadziwa kuti amayi ake alibe mphamvu pa mvula. Ngakhale za miyendo yosayenda zili ndi tanthauzo losavuta limene angamuuze: munthu akamalota, thupi limamanga minofu kuti asadzuke n'kuyamba kuthamanga ali m'tulo, ndiye mwina n'chifukwa chake m'maloto kuthawa kumavuta. Ana ambiri amapepukidwa akamva kuti zimenezi zimachitikira aliyense.

Tsopano pakubwera ntchito yeniyeni, yomwe ndi kusintha lotolo masana. Njirayi anaifufuza kwambiri dokotala Barry Krakow ndi anzake ku Albuquerque m'dziko la Amereka. Mu 2001 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 168 amene ankavutika ndi maloto oopsa atagwiriridwa, ndipo amene anaphunzitsidwa kusintha maloto awo n'kumawabwereza m'maganizo masana anayamba kulota zoopsa mocheperapo kusiyana ndi amene anali asanaphunzitsidwe. Pambuyo pake ofufuza a ku Canada anaiyesa pa ana a msinkhu wa kupulaimale, ena mwa iwo pogwiritsa ntchito zojambula. Ganizo lake ndi lakuti loto lobwerezabwereza limasanduka chizolowezi cha ubongo. Lili ngati kanjira kodutsa m'munda, kamene kamakula chifukwa choti anthu akupondapo tsiku ndi tsiku, ndipo kamamera udzu anthu akayamba kudzera kwina.

Mayi uja amupatse mwana pepala ndi pensulo, kapena angosalaza mchenga pabwalo, n'kumuuza kuti: "Loto ili ndi lako. Ukanakhala kuti ukulipanga wekha, ukanalisintha pati?" Chofunika ndi chakuti kusinthako kuchokere kwa mwana. Akulu amakonda mathero anzeru, monga kubwera kwa asilikali opulumutsa anthu, koma mwana anganene kuti madziwo akafika pa mphasa amasanduka phala, kapena kuti mphasayo imakhala bwato ndipo iye akupalasa ndi mthiko kupita kwa agogo ake ku Thyolo. Zisaoneke zopusa, chifukwa chimene wachipanga yekha ndi chimene ubongo wake ungachigwire. Mathero abwino ndi amene mwanayo akuchitapo kanthu, miyendo ikuyenda, mawu akutuluka. Ngati sakufuna kutchula gawo loopsalo, asakakamizidwe. Angathe kuyambira pomwe madzi angofika pachitseko n'kupatukira pomwepo.

Akamaliza kujambula, alifotokoze loto latsopanolo ngati nthano. Iye anene "Padangokhala", amayi ake ayankhe "Tili tonse", ndipo nkhani iyende mpaka bwato litafika kwa agogo. Kenaka atseke maso n'kuliona m'maganizo mwake pang'onopang'ono: mthiko uli m'manja, madzi ali phee, agogo aima pakhonde. Akuluakulu amalangizidwa kuchita zimenezi mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse, koma kwa mwana wa zaka 8 mphindi zisanu kapena khumi n'zokwanira. Nthawi yabwino ndi masana akaweruka kusukulu, kunja kukuwala. Chojambulacho angachimate pakhoma pafupi ndi pogona.

Makolo ambiri amagwa ulesi pa sabata yoyamba, chifukwa amayembekezera kuti mwana alota za bwato usiku womwewo. Kawirikawiri sizitero, ndipo mwina sadzalota n'komwe za bwatolo. Chimene chimaoneka m'kakope kaja pakatha masabata awiri kapena anayi ndi chakuti mausiku oipa achoka pa atatu kufika pa umodzi, kapena kuti madzi akubwerabe koma mwana sakudzukanso akukuwa. Mvula yoyamba ya Novembala ikagunda pa malata, loto lakale lingabwerere. Kumeneko si kulephera, ndipo nthano ija ingoyambidwanso.

Mwana wa zaka 3 kapena 4 sangathe kusintha loto mwanjira imeneyi, koma pali china chimene chimamuthandiza. Pa nkhondo ya 2006 ya pakati pa Israeli ndi Hezbollah ya ku Lebanoni, katswiri wa tulo ta ana Avi Sadeh wa pa Yunivesite ya Tel Aviv ndi anzake anapatsa ana aang'ono othawa mabomba kachidole ka galu, n'kuwauza kuti kagaluko kali ndi mantha, kali kutali ndi kwawo, ndipo kakufuna wokasamalira. Ana amene anakasamalira kwambiri zizindikiro zawo za mantha zinachepa. Mwana amene wapatsidwa udindo wotonthoza wina amaiwalako kuti iye ndi wamng'ono. Chidolecho sichifunika kukhala cha m'sitolo. Kansalu kakale kachitenje kosokedwa ndi amayi kamagwira ntchito yomweyo, bola mwana auzidwe kuti, "Uyu amaopa usiku, umufunditse bwino."

Tulo tokwanira nato ndi mankhwala. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Mwana amene amagona 11 koloko chifukwa akuluakulu akuonera filimu m'chipinda chomwecho, n'kudzuka 5 koloko kukatunga madzi, amalota zoopsa kwambiri, ndipo zimene amazimva ali m'neti zimalowa m'malotowo. Nthano za afisi ndi mizukwa zikambidwe kwa amene amazikonda, koma kwa mwana uyu ziyambe zaima.

Pali nthawi imene kholo siliyenera kulimbana nazo lokha. Thupi likatentha, maloto amasokonekera, choncho mwana wotentha thupi akayezedwe malungo msanga. Mankhwala ena amabweretsa maloto achilendo, monga efavirenzi, amene ali m'gulu la mankhwala otalikitsa moyo, ndi montelukasiti wa mphumu. Ngati maloto anayamba mwana atangoyamba kapena kusintha mankhwala, kholo likauze a chipatala, koma lisamusiyitse lokha. Mwana amene amaliza mkonono kwambiri n'kumabanika m'tulo, kapena amene usiku amauma thupi, kugwedezeka mofanana nthawi zonse, kudziluma lilime kapena kutuluka thovu, akaonedwe ndi dokotala, chifukwa khunyu lina limagwira munthu ali m'tulo basi. Ndipo ngati patha mwezi chichitikireni ngozi, mwana akulotabe zomwezo, akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, akukana kudutsa kumene zinachitikira, wasiya kusewera kapena wayambanso kukodza pogona, pakufunika mlangizi wa za maganizo. Poyambira ndi pa chipatala cha boma, ndipo chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe chimathandizanso pa mavuto a maganizo.

Nkhani yolemera kwambiri ndi ya loto limene likunena za munthu weniweni. Mwana amene akuchitidwa zachipongwe nthawi zambiri sayamba ndi kuulula. Amayamba ndi kunena kuti amalota munthu akubwera pamphasa pake, kapena akumutseka pakamwa. Loto lokha si umboni, ndipo palibe amene ayenera kuimbidwa mlandu chifukwa cha maloto a mwana. Koma ngati pamodzi ndi lotolo mwana wayamba kukana kutsala ndi munthu wina wake, akudandaula kuwawa kumaliseche, kapena akudziwa za kugonana zoposa msinkhu wake, kholo lifunse modekha, pa awiri: "Kodi zimenezi zimachitika m'maloto mokha, kapena zinachitikapo uli maso?" Mwana akanena kuti zinachitikadi, nkhope ya kholo ndi imene idzamuuze ngati apitirize kapena atseke pakamwa. Kukuwa, kulira mokweza kapena kufunsa kuti "Bwanji sunanene?" kumamubweza. Mawu oyenera ndi akuti, "Wachita bwino kundiuza. Si iwe wolakwa." Loto lotere si losintha ndi pensulo munthuyo akadali pafupi. Mwana achotsedwe kaye pamene pali ngoziyo, ndipo nkhaniyo isathere pa bwalo la banja ngakhale wotchulidwayo ali malume kapena wothandiza pakhomo. Nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi ndi 116, ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre zili ndi malo a Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Ngati mwana wagwiriridwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi.